Livi Yanga Itha Liti? Kuwerenga Masiku Ogwira Ntchito pa Excel

Kuyambira pakati pa Epulo mpaka pakati pa Meyi, maholide a ku Malawi amabwera mothithikana. M'chaka cha 2025, Lachisanu Loyera linali pa 18 Epulo, Lolemba la Pasaka pa 21 Epulo, Tsiku la Apantchito pa 1 Meyi ndipo Tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi. Amenewa ndi maholide anayi m'nyengo yosakwana mwezi umodzi, ndipo onse anagwera mkati mwa sabata. Munthu amene watenga livi m'nyengo yotereyi sachedwa kusemphana mawu ndi abwana ake. Iye amati masiku ake sanathe, pomwe a ku ofesi amati anayenera kubwerera dzana.

Pamkangano wotere pamagona ndalama. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata apatsidwe livi yosachepera masiku 15 pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi apatsidwe yosachepera masiku 18. Masiku amenewa ndi ogwira ntchito, kutanthauza kuti tsiku lomwe ofesi inali yotseka kale silichotsedwa pa livi ya munthu. Tsono wolemba mabuku a livi, kaya pasukulu, m'sitolo kapena ku bungwe, ayenera kudziwa kudumpha Loweruka, Lamulungu ndi maholide popanda kuphonya.

Anthu ambiri amachita zimenezi poyendetsa chala pa kalendala ya pakhoma. Njirayi imathandiza ngati munthu ndi mmodzi, koma antchito akakhala makumi anayi chala chimasochera. Mapulogalamu owerengera pa kompyuta monga Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc ali ndi fomula yochitira ntchitoyi m'kanthawi kochepa. Chofunika kudziwiratu n'chakuti fomulayo imadziwa Loweruka ndi Lamulungu pokha. Za John Chilembwe, za Pasaka kapena za Idi siidziwa kanthu, mpaka inu mutaiuza.

Kompyuta imaona deti ngati nambala

Mukalemba deti m'kabokosi ka Excel, pulogalamuyo imasunga nambala wamba, ndipo deti lomwe mukuliona ndi maonekedwe chabe. Kuwerengaku kumayambira pa 1 Januwale 1900, lomwe ndi nambala 1, ndipo tsiku lililonse limawonjezera imodzi. Motero 1 Januwale 2025 ndi 45658, pamene 14 Epulo 2025 ndi 45761. N'chifukwa chake madeti amatheka kuwachotserana ngati masamu a ku pulayimale.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa mu ofesi yogwira Lolemba mpaka Lachisanu wapempha livi kuyambira Lolemba pa 14 Epulo 2025 mpaka Lachitatu pa 7 Meyi 2025. Deti loyamba talilemba mu `A2`, lomaliza mu `B2`. Munthu wothamanga angalembe `=B2-A2` ndipo angapeze 23. Nambala imeneyi ndi yolakwika pawiri. Choyamba, yawerengera limodzi mawikendi ndi maholide. Chachiwiri, yasiya tsiku limodzi, chifukwa kuchotsera kumapereka mtunda wa pakati pa madeti awiriwo, osati kuchuluka kwa masiku onse. Pa kalendala, kuyambira 14 Epulo mpaka 7 Meyi pali masiku 24 mukawerenga loyamba ndi lomaliza lomwe.

Fomula yoyenera ndi iyi, ndipo tiilemba mu `C2`:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2)
```

Yankho lake ndi 18. Tingathe kulitsimikiza ndi manja: masabata atatu athunthu, kuyambira 14 Epulo mpaka 2 Meyi, ali ndi masiku 15 a mkati mwa sabata, ndipo tikaonjezapo 5, 6 ndi 7 Meyi akukwana 18. Maloweruka atatu ndi Malamulungu atatu achoka okha. Koma ngati ofesi ingaimire pamenepa, mayiwa alandidwa masiku atatu, chifukwa Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka ndi 1 Meyi awerengedwa ngati masiku a ntchito.

Mndandanda wa maholide ndiye mwini nkhani

Kuti maholide achoke, mumawalemba nokha pamalo amodzi, deti limodzi m'kabokosi kamodzi, motsika pansi. Tiyeni tiwaike mu kolamu `E` kuyambira `E2`, ndipo mayina ake tiwalembe pambali mu kolamu `F` kuti wina aliyense aziona chomwe deti lililonse likuimira. Kenako fomula ija timaionjezera gawo lachitatu, lomwe likuloza mndandandawo:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,$E$2:$E$30)
```

Tsopano yankho ndi 15. Mayi aja atenga livi yawo yonse ya pachaka, osapitirira ngakhale ndi tsiku limodzi. Tsiku la Kamuzu lili pa mndandanda koma silinakhudze yankho, popeza 14 Meyi ili kunja kwa nyengo yomwe tikuwerenga. Timabokosi topanda kanthu kumunsi kwa mndandanda sitisokoneza chilichonse, ndiye ndi nzeru kuloza mpaka `E30` ngakhale maholide anu sanafike pamenepo, kuti mudzapeze malo oonjezera.

Zizindikiro za dola zomwe zili mu `$E$2:$E$30` si zokongoletsa. Mukakoka fomula kuitsitsira kwa antchito ena, Excel imasuntha mayina a timabokosi motsatira mzere. Kwa `A2` ndi `B2` n'zimene tikufuna, kuti munthu wa mzere wachitatu awerengedwe ndi `A3` ndi `B3`. Koma mndandanda wa maholide ukasunthanso, fomula ya pa mzere wa 10 idzaloza `E10:E38`, ndipo maholide onse a kumayambiriro kwa chaka adzatsala m'mwamba osaonedwa. Palibe uthenga uliwonse wochenjeza umene umatuluka. Mumangoona kuti anthu awiri omwe anapita ndi kubwerera tsiku limodzi ali ndi masiku osiyana. Chizindikiro cha dola chimamanga mndandandawo pamalo amodzi, ndipo pa Excel mungachiike mwachangu podina `F4` mutangosankha timabokosito.

Maholide ambiri a ku Malawi ali ndi madeti osasintha: 1 Januwale, 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, 3 Malichi pokumbukira ofera ufulu wa dziko, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi la ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala la anakubala, komanso 25 ndi 26 Disembala. Amenewa savuta. Ovuta ndi amene amayendayenda. Pasaka amasintha chaka ndi chaka. Mu 2025 Lachisanu Loyera linali pa 18 Epulo koma mu 2026 ndi pa 3 Epulo. Idi yomasulira Ramadhani imadalira kuoneka kwa mwezi, kotero deti lomwe munalemba mu Januwale n'longoyerekeza, ndipo muyenera kulikonza chilengezo chikatuluka. Palinso masiku omwe boma limangolengeza mwapadera, monga tsiku loponya voti. Onsewa amalowa pa mndandanda ndi dzanja la munthu.

Msampha waukulu ndi holide yogwera pa wikendi. Kuno kwathu zikatero, anthu amapuma Lolemba lotsatira. Mu 2025, 6 Julayi linali Lamulungu, ndipo maofesi anatseka Lolemba pa 7 Julayi. Mwezi wa Julayi chaka chimenecho unali ndi masiku 23 a mkati mwa sabata. Wolemba 6 Julayi pa mndandanda adzapezabe 23, chifukwa fomula inachotsa kale Lamulungu limenelo ndipo sichotsa tsiku limodzi kawiri. Wolemba 7 Julayi ndiye adzapeza 22, lomwe ndi yankho loona. Tsono pa mndandanda pazilembedwa tsiku lomwe anthu sanapite ku ntchito, osati lomwe lili m'mabuku a mbiri.

Kumbukiraninso kuti deti lililonse pa mndandanda lili ndi chaka chake. 1 Januwale 2025 sangaimire 1 Januwale 2026. Munthu akatenga livi mu Disembala yodzathera mu Januwale, mndandanda ukhale ndi maholide a zaka ziwiri zonsezo. Musafufute a chaka chatha poika a chaka chino, chifukwa mizere yakale idzawerengedwanso yokha ndipo manambala omwe munagwirizana kale ndi antchito adzasintha.

Funso likatembenuka: abwerera liti?

Nthawi zambiri wantchito sabwera ndi deti lomaliza. Amangoti, "Abwana, ndikufuna masiku anga 15 kuyambira pa 14 Epulo." Apa tikudziwa poyambira ndi kuchuluka kwa masiku, ndipo chosowa ndi deti. Ntchito imeneyi ndi ya fomula ina yotchedwa `WORKDAY`.

Mafomula awiriwa amasiyana pa kanthu kakang'ono komwe kamasokoneza ambiri. `NETWORKDAYS` imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, moti mukaika deti limodzi la Lachiwiri mbali zonse imakupatsani 1. `WORKDAY` siwerenga tsiku loyambira, imayamba kuwerenga mawa lake. Pofuna kuti 14 Epulo likhale tsiku loyamba la livi, timaibweza m'mbuyo ndi tsiku limodzi:

```
=WORKDAY(A2-1,15,$E$2:$E$30)
```

Yankho ndi Lachitatu pa 7 Meyi, lomwe ndi tsiku lomaliza la livi. Ngati yankholi lili mu `B2`, tsiku lobwerera ku ntchito mumalipeza popempha tsiku limodzi la ntchito lotsatira:

```
=WORKDAY(B2,1,$E$2:$E$30)
```

Apa tikupeza Lachinayi pa 8 Meyi. Ubwino wa njirayi umaoneka livi ikathera Lachisanu kapena madzulo a holide, chifukwa fomula imadumpha yokha n'kukatera pa tsiku lomwe ofesi ikutsegula. Mukaona nambala ngati 45785 m'malo mwa deti, musadandaule kuti mwalakwitsa. Ndi 8 Meyi yemweyo, kungoti kabokosiko sikanauzidwe kuti kazionetsa deti. Dinani kabokosiko ndi batani la kumanja, sankhani `Format Cells`, kenako `Date`.

Pali ntchito zina zomwe kusawerenga tsiku loyamba n'kumene kukufunika. Tinene kuti kalata yafika pa ofesi Lachinayi pa 17 Epulo 2025, ndipo malamulo a pamalopo amati iyankhidwe pasanathe masiku asanu ogwira ntchito kuchokera tsiku lolandira. Apa simuchotsa 1. `WORKDAY` ikayambira pa 17 Epulo imadumpha Lachisanu Loyera, wikendi ndi Lolemba la Pasaka, n'kuwerenga 22, 23, 24, 25 ndi 28 Epulo. Malire ake ndi Lolemba pa 28 Epulo. Popanda mndandanda wa maholide ikanapereka 24 Epulo, ndipo wina akanadzudzulidwa kuti wachedwa pomwe nthawi akadali nayo. Chimodzimodzinso mukafuna kudziwa kuti kalatayo inatenga masiku angati, `NETWORKDAYS` ya 17 mpaka 28 Epulo idzapereka 6 popeza yawerenganso tsiku lolandira, ndiye muchotsepo 1 kuti mupeze 5. Musanalembe fomula, gwirizanani kaye ngati tsiku loyamba likuwerengedwa. Kompyuta singakusankhireni zimenezo.

Kwa ogwira ntchito Loweruka

Masitolo, magalaja, mafakitale ndi makampani ambiri omanga satseka Loweruka. Kwa amenewa `NETWORKDAYS` imapereka masiku ochepa kuposa enieni, ndipo palibe njira yoiuzira kuti isiye Loweruka. Kuyambira pa Excel 2010 pali mng'ono wake wotchedwa `NETWORKDAYS.INTL`, yemwe amakulolani kunena masiku anu opuma. Gawo limeneli limalowa pakati pa deti lomaliza ndi mndandanda wa maholide:

```
=NETWORKDAYS.INTL(A2,B2,11,$E$2:$E$30)
```

Nambala 11 ikutanthauza kuti tsiku lopuma ndi Lamulungu lokha. Nambala 1 ndi Loweruka ndi Lamulungu monga mwa nthawi zonse, pamene 17 ndi Loweruka lokha, yomwe ingathandize amene amapembedza Loweruka n'kumatsegula Lamulungu. Tikaika 1 Julayi 2025 mu `A2` ndi 31 Julayi mu `B2`, sitolo yopuma Lamulungu lokha ipeza masiku 26: aja 22 a mkati mwa sabata kuphatikizapo Maloweruka anayi a pa 5, 12, 19 ndi 26.

Ngati manambalawa akuvuta kukumbukira, pali njira ina yooneka ndi maso. Mumalemba manambala asanu ndi awiri m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, iliyonse kuimira tsiku limodzi kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Ziro ndi tsiku la ntchito, 1 ndi tsiku lopuma. Motero `"0000001"` n'chimodzimodzi ndi 11 uja, ndipo saluni yotseka Lolemba lokha ingalembe `"1000000"`. Cholakwika chofala n'kuyambira Lamulungu monga amachitira makalendala ambiri a pakhoma. Mukatero masiku onse amasuntha ndi limodzi.

Njira imeneyi imathandizanso amene amaweruka masana Loweruka. Fomula siidziwa theka la tsiku, koma mungawerenge Maloweruka paokha n'kuwagawa pawiri:

```
=NETWORKDAYS(A2,B2,$E$2:$E$30)
 +NETWORKDAYS.INTL(A2,B2,"1111101",$E$2:$E$30)/2
```

Mu `"1111101"` tsiku lokhalo lomwe lili ndi ziro ndi Loweruka, ndiye gawo lachiwirilo likuwerenga Maloweruka okha. Pa Julayi 2025 tikupeza 22 kuphatikiza 2, omwe ndi 24. Ngati Loweruka lotere limawerengedwa ngati theka kapena tsiku lathunthu pa livi, zimenezo muone m'mgwirizano wa ntchito wa pamalopo.

Ogwira Loweruka asamalenso ndi holide yogwera pa Loweruka, monga 26 Disembala 2026. Kwa a masiku asanu, kulemba Loweruka limenelo pa mndandanda sikusintha kanthu. Koma kwa a masiku asanu ndi limodzi, mukalemba Loweruka lija pamodzi ndi Lolemba lopumira, fomula ichotsa masiku awiri. Lembani okhawo omwe chitseko chinalidi chotseka. Ngati pakampani pali magulu awiri, a mu ofesi ndi a ku fakitale, ndi bwino gulu lililonse likhale ndi mndandanda wake.

Deti likatembenuzika

Vuto lomwe limazunza anthu kwambiri silichokera ku fomula, koma ku mmene kompyuta inatcheredwera. Ife timalemba tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Makompyuta ambiri amafika atatcheredwa mwa chimereka, kumene amayamba ndi mwezi. Pa kompyuta yotere, mukalemba `14/04/2025` Excel imasowa mwezi wa nambala 14 ndipo imangosunga zomwe mwalembazo ngati mawu. Chizindikiro chake n'chakuti zolembazo zimakhala kumanzere kwa kabokosi, pomwe deti lenileni limakhala kumanja, ndipo fomula imatulutsa `#VALUE!`. Vuto limeneli n'labwinoko chifukwa limadzionetsa.

Loopsa ndi lomwe limabisala. Mukalemba `01/05/2025` pa kompyuta yomweyo mukutanthauza 1 Meyi, iyo imamva 5 Januwale, ndipo imalandira mosakana popeza ndi deti lomveka. Tsiku la 5 Januwale 2025 linali Lamulungu, ndiye silichotsa kalikonse. Tsiku la Apantchito lasowa pa mndandanda, ndipo livi ya mayi aja ikutuluka masiku 16 m'malo mwa 15. Madeti onse a pa 1 mpaka pa 12 mwezi uliwonse angatembenuzike motere, kupatula ngati 3 Malichi omwe tsiku ndi mwezi ndi nambala imodzi. Zimachitika kawirikawiri mukakopera madeti kuchokera mu kalata, mu uthenga wa pafoni kapena mu faelo yochokera ku makina ena.

Pali njira ziwiri zodzitetezera. Yoyamba n'kulemba deti moyambira chaka, chonchi `2025-05-01`, kapena kugwiritsa ntchito `=DATE(2025,5,1)`, chifukwa kalembedwe kameneka sikamveka pawiri. Yachiwiri n'kuchititsa kuti timabokosi tonse ta madeti tizionetsa dzina la tsiku ndi la mwezi. Mu `Format Cells` sankhani `Custom` n'kulemba `ddd d mmm yyyy`. Mukatero 1 Meyi adzaoneka ngati `Thu 1 May 2025`, ndipo akatembenuzika mudzaona `Sun 5 Jan 2025` nthawi yomweyo. Kaonekedwe kameneka kamakuululiraninso holide yogwera pa wikendi, chifukwa `Sat` kapena `Sun` pa mndandanda ndi chikumbutso choti mufufuze za Lolemba lotsatira. Mukakayikira kabokosi kena, `=ISNUMBER(E8)` idzayankha `TRUE` ngati muli deti lenileni ndi `FALSE` ngati muli mawu chabe.

Zizindikiro zina n'zosavuta kumasulira. Yankho lokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, monga `-15`, likusonyeza kuti mwasinthanitsa deti loyamba ndi lomaliza. `#NAME?` amatuluka mukaphonya chilembo m'dzina la fomula, kapena ngati Excel yanu ndi yakale kuposa ya 2010 ndipo mwalemba `NETWORKDAYS.INTL`. Pulogalamu ikakana fomula yonse ngakhale mwailemba bwino, yesani kusintha makoma onse kukhala `;`, popeza makompyuta ena, makamaka otcheredwa m'Chipwitikizi monga a ku Mozambique, amalekanitsa magawo a fomula ndi chizindikiro chimenechi.

Pomwe fomula imalekezera

Mafomula amenewa amaganiza kuti sabata iliyonse imafanana ndi inzake. Sangathandize alonda, anamwino kapena ena ogwira mosinthana, omwe amapuma Lachiwiri sabata ino ndi Lachisanu sabata ya mawa. Kwa amenewa muwerengere pa ndandanda yawo ya mashifiti. Sawerenganso maola, ndiye munthu amene anachoka masana Lachitatu amaoneka kuti wagwira tsiku lonse. Ndipo ngati mukudikira katundu kapena mapepala ochokera kunja, maholide oyenera ndi a dziko lomwe ntchitoyo ikuchitikira. Ku Mozambique amatseka pa 25 Juni ndipo ku Zambia pa 24 Okutobala, masiku omwe kuno ndi a ntchito.

Musanayambe kudalira faelo yanu, iyeseni pa nyengo yomwe yankho lake mukulidziwa. Ikani 1 mpaka 31 Julayi 2025 muone ngati itulutse 22, kenako 14 Epulo mpaka 7 Meyi muone ngati itulutse 15. Bwerezani mayeso omwewo pa mzere wa pansi penipeni, kuti mutsimikize kuti mndandanda sunasunthe pokoka fomula. Pomaliza sankhani munthu mmodzi pa ofesi woyang'anira mndandanda wa maholide: azilemba a chaka chotsatira mu Disembala, azikonza deti la Idi likalengezedwa, ndipo aziika tsiku lililonse lomwe boma lalengeza mwadzidzidzi tsiku lomwelo lomwe chilengezocho chamveka.